Akuti sanakonzeke, koma Loweruka lililonse ali pakhomo panga

"Mayi, ndine mtsikana wa zaka 29, kwathu ndi ku Mulanje. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg ndipo ndimachita lendi chipinda ku Cosmo City. Papita miyezi 8 ndikuyenda ndi mnyamata wa kwathu ku Malawi, wowotcherera zitsulo. Amandiimbira usiku uliwonse. Loweruka amabwera, timadya limodzi, amagona konkuno, Lamulungu madzulo n'kumapita. Akaona mwamuna wina akundilankhula amakwiya. Koma ndikamufunsa kuti kodi ifeyo ndife ndani, amati, 'Sindinakonzeke kukhala pa chibwenzi, ndisiye ndikhazikike kaye.' Kwa anzake amanditchula kuti mlongo wake. Mwezi wathawu ndinamubwereka R2,000. Ngati sakundifuna, bwanji osandisiya? Kodi ndidikire?"

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi: simuli opusa, ndipo mutu wanu sukuzungulira pachabe. Munthu aliyense amasokonezeka akamamva china ndi makutu kwinaku akuona china ndi maso. Pa zaka zimene ndakhala ndikulangiza anthu athu kuno ku Joni, nkhani ngati yanuyi ndaimva kwa amayi ndi abambo omwe, achichepere ndi achikulire, opemphera ndi osapemphera.

Ndikudziwa kuti anzanu akuuzani kale kuti musamamvere zimene mwamuna akunena koma muziona zimene akuchita. Malangizo amenewa ndi abwino pamene munthu akulonjeza ukwati pakamwa koma osaoneka pakhomo. Kwa inu zinthu zatembenuka, ndipo mukawatsatira malangizowa osaganiza bwino akusocheretsani, chifukwa mudzati poti amabwera ndiye kuti mawu akewo ndi manyazi chabe kapena mantha amene adzatha okha. Ine ndikuti mukhulupirire zonse ziwiri. Amasangalala kukhala nanu, zimenezo n'zoona. Sakufuna kumangidwa nanu, zimenezonso n'zoona. Ziwirizi sizikulimbana m'mutu mwake. Zikulimbana m'mutu mwanu mokha, chifukwa kwa inu kukhala ndi munthu ndi kudzipereka kwa iye ndi chinthu chimodzi, pamene iye anazilekanitsa kalekale.

Chibwenzi chili ndi mbali ziwiri. Pali zokoma zake: munthu wocheza naye ukaweruka, nsima yophikidwa ndi dzanja la kwanu, thupi lofunda m'nyengo yozizira ya Juni, munthu wokubwereka ndalama zikakuthera, munthu amene amadandaula ukachedwa. Ndiye pali udindo wake: kudziwika kwa abale, kusiya ena onse, kufotokoza kumene unali, kuganizira mnzako pokonza za mawa, kusenza mavuto ake akadwala kapena ntchito ikamuthera. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, kutanthauza kuti ziwirizi zimayenera kubwerera pamodzi. Munthu wanuyu wapeza njira yolandirira mvula popanda kuponda matope, ndipo mawu akuti "sindinakonzeke" ndi amene amamutsegulira njirayo. Mawuwa amamuthandiza pawiri. Lero amakutsekani pakamwa kuti musafunse zambiri. Mawa, zinthu zikadzavuta, adzawatulutsa ngati lisiti n'kunena kuti, "Koma ine ndinakuuza kuyambira pachiyambi." Chikumbumtima chake chimakhala chopepuka chifukwa kwa iye sananame.

Nanga bwanji osakusiyani? Chifukwa palibe chimene chikumukakamiza kusankha. Munthu amasiya chinthu chikayamba kumulemera, ndipo inu simukumulemera. Katswiri wina wa za kakhalidwe ka anthu wa ku America, Willard Waller, analemba kale m'zaka za m'ma 1930 kuti pa anthu awiri okondana, amene sakudera nkhawa kwambiri kuti chikondicho chipitirire ndi amene amakhala ndi mphamvu. Ndi iye amene amasankha tsiku lokumana, nkhani zoyenera kukamba, ndi dzina loti ubalewo uzitchedwa. Winayo amangotsatira chifukwa choopa kutaya. Sikuti nthawi zonse munthu wotere amakhala pansi n'kukonza chiwembu. Ambiri sanaganizepo n'komwe. Zinthu zikuwayendera, ndiye alibe chifukwa chozigwedezera.

Pali chinanso chimene Joni amawonjezera. Kumudzi, mnyamata akaoneka katatu pakhomo pa mtsikana dzuwa litalowa, amalume amamuitana n'kumufunsa kuti, "Kodi bambo, mwabwera ndi mawu anji pano?" Funso limenelo silichokera kwa mtsikana, ndipo n'chifukwa chake mnyamata sangalizembe ndi nthabwala kapena kupsa mtima. Ayenera kutchula kwawo, atchule mwini mbumba wake, kapena asiye kubwera. Kuno alandilodi amangofuna lendi yawo pa 1. Palibe wofunsa. Ntchito yonse imene kwathu imagwiridwa ndi amalume, azakhali ndi ankhoswe yagwera pa mutu panu nokha, ndipo mukuigwira muli ndi munthuyo pabedi limodzi. Si zodabwitsa kuti ikukukanikani. Onjezerani kusungulumwa kwa m'tauni muno, kumene munthu amadzuka mdima kukakwera takisi, tsiku lonse n'kumalankhula Chingerezi kapena Chizulu, n'kubwerera m'kachipinda kopanda womupatsa moni wa kwawo. Njala ya kucheza ndi munthu wa chinenero chako ndi yeniyeni, ndipo imatha kumubweretsa munthu pakhomo panu Loweruka lililonse kwa zaka, popanda ganizo la banja ngakhale limodzi.

Za nsanje yake ndinenepo mwachidule, chifukwa ndikudziwa kuti ndi imene imakupatsani chiyembekezo. Nsanje imangosonyeza kuti sakufuna wina atenge malowo. Sisonyeza kuti iye akufuna kukhalapo mpaka kalekale. Munthu amene akukuletsani kucheza ndi ena pamene iye wakana kutchedwa wanu akukupemphani kukhulupirika kumene iye sanalonjeze.

Tsopano tiyeni tione chimene chingakhale kumbuyo kwa mawuwo, chifukwa si onse owanena amene ali ofanana.

Alipo amene sanakonzekedi. Wina banja lake langotha kumene, wina mkazi anamwalira, wina ali ndi ngongole ya transipota amene anamubweretsa, wina ntchito yake ndi maganyu a lero ndi lero ndipo mapepala ake sali bwino, moti akaona galimoto ya apolisi amaganiza za Lindela, kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo. Mwamuna woleredwa ndi mawu akuti wokwatira ayenera kudyetsa banja amatha kuchitadi manyazi kutchula chibwenzi ali m'chipinda chogona anthu anayi. Anthu oterewa ndawaona, ndipo sindiwanyoza. Koma amadziwika ndi zinthu ziwiri. Ukawafunsa chimene chikuwaletsa, amachitchula dzina, ndipo chimakhala chinthu choti chili ndi mapeto. Chachiwiri, amachita manyazi kulandira zambiri pamene sakupereka. Munthu amene akudziona kuti sanakwanire kukhala mwamuna wa pakhomo sakhala womasuka kubwereka ndalama kwa mkazi amene wakana kumutcha wake.

Alipo ena amene mawu awo onse akanakhala akuti "sindinakonzeke kukhala pa chibwenzi ndi iwe," koma mawu awiri omalizawo amawameza. Amakukondani monga munthu, amasangalala ndi kuseka kwanu, koma mkazi amene akumuganizira wa banja ndi wina: mwina wa mpingo wawo kapena wa chipembedzo chawo, mwina wa mtundu wawo, mwina amene mayi ake adzamusankhire kumudzi. Izi zimapweteka kumva, koma sizitanthauza kuti muli ndi chilema. Oterewa amatha kukhala zaka ziwiri "osakonzeka," kenaka mumangomva kuti achita chinkhoswe ndi munthu amene anakumana naye miyezi itatu yapitayo.

Ndiye pali gulu limene ndiyenera kukhalitsapo, chifukwa pakati pa anthu athu obwera kudzagwira ntchito ndalipeza kawirikawiri kuposa mmene ndikanafunira: amene ali ndi mkazi kapena chitomero kumudzi. Izi sizinayambe lero. Kuyambira nthawi ya Wenela ndi Teba, amuna ankasiya mabanja n'kudzakhala kuno zaka, ndipo ena ankapeza wowasamala kuno. Kusiyana kwake n'kwakuti lero kuli WhatsApp, ndipo nkhani ya ku Cosmo City imafika ku Mangochi kapena ku Mzimba tsiku lomwelo. Apa ndi pamene dzina loti "mlongo" limandidetsa nkhawa. Kwathu timatchulana achimwene ndi achemwali mwaulemu, inde, koma mwamuna akasankha dzina limeneli pamaso pa anzake ponena za mkazi amene amagona naye, nthawi zambiri amakhala akutseka njira yoti nkhani isafike kwina. Sindikunena kuti ndi mmene zilili ndi wanuyu. Ndikuti dzifunseni mafunso awa modekha. Kodi kumene amakhala munafikako, masana, anzake alipo? Foni ikalira Lamulungu masana, nthawi imene kumudzi anthu aweruka kutchalitchi, amayankhira pomwepo kapena amatuluka panja? Akamatumiza katundu pa basi kapena kwa transipota, mumakhala zovala za ana ndi nsapato za chizimayi zimene safuna kuzifotokoza? Akapita kumudzi mu Disembala, mafoni a usiku aja amapitirira kapena amaduka mpaka atawoloka Beitbridge pobwerera? Kutumiza ndalama pa Mukuru kumapeto kwa mwezi si umboni wa kanthu, tonse timatumiza kwa makolo. Chimene muyenera kuona ndi kubisa. Munthu wotumiza kwa mayi ake amanena yekha, nthawi zina modandaula kuti ndalama sizikukwana. Wotumiza kwa mkazi amasintha nkhani.

Musafufuze m'foni mwake mobisa. Mukapezamo kanthu nkhani idzasanduka yoti munaba foni, ndipo mukapanda kupezamo mtima sudzakhazikikabe. Njira yabwino ndi imene makolo athu ankagwiritsa ntchito: kufunsa kwawo. Dziwani mudzi wake, mfumu yake ndi boma lake. Amalawi kuno ndife olumikizana kwambiri, kumipingo, kumizikiti, m'magulu othandizana pa maliro. Mayi wachikulire mmodzi wodalirika wa dera lakwawo akhoza kukuuzani m'masiku ochepa ngati kuli mkazi. Uku si kuchita ukazitape. Ndi ntchito imene ankhoswe akanagwira musanapite patali chonchi.

Ndikufotokozereni za mayi wina amene ndinamuthandiza, wosoka zovala ku Fordsburg, ndipo ndasintha zina kuti asadziwike. Anali atatha chaka ndi miyezi iwiri ndi mwamuna wonena mawu omwewa. Atabwera kwa ine ankafuna ndimuuze zimene zili mumtima mwa mwamunayo. Ndinamuuza kuti mtima wa munthu sindingauone, koma tikhoza kuwerenga zooneka. Tinatenga kope n'kulemba za milungu inayi yapitayo. Ndiwo, ufa, magetsi ndi zakumwa za Loweruka ndi Lamulungu zinkamudyera pafupifupi R300 pa mlungu, kutanthauza R1,200 pa mwezi, ndalama yoposa imene ankatumizira mwana wake kumudzi. Ngongole zing'onozing'ono zimene mwamunayo anatenga zinakwana R3,500, ndipo anali atabwezapo R500 yokha. Kenaka ndinamufunsa kuti pa miyezi 14 imeneyo, ndi liti pamene mwamunayo anachita chinthu chomuvuta iye mwini chifukwa cha mayiyo. Anakhala chete nthawi yaitali. Anakumbukira kuti atadwala n'kugona masiku atatu, mwamunayo anatumiza mauthenga okoma ambiri koma anafika Loweruka monga mwa nthawi zonse, mayiyo atadzuka kale n'kuyamba kuphika. Apa m'pamene anaona yekha kuti munthuyo amabwera pa nthawi yake, kudzatenga zimene iye akufuna, ndipo kukoma mtima kwake konse kunali kwa mtundu wosamutayitsa kanthu.

Tinagwirizana kuti akambirane naye kamodzi, bwinobwino. Osati usiku, osati pabedi, osati pa foni, komanso osati atakwiya. Anapangana Lamulungu masana ku Zoo Lake, pamalo pa anthu. Ndinamulangiza kuti asayambe ndi kuimba mlandu, chifukwa munthu woimbidwa mlandu amangodziteteza ndipo nkhani imathera pa "bwanji ukundikakamiza." Ayambe ndi zimene iye akufuna: "Ine ndikufuna chibwenzi chodziwika, cholowera ku banja. Ndamva kuti iwe sunakonzeke, ndipo sindikukukakamiza." Kenaka afunse kuti chimene chiyenera kuchitika kuti akonzeke n'chiyani kwenikweni, chidzachitika liti, ndipo ndi m'bale wake uti amene angamudziwitse kwa iye panopa. Pomaliza anene chimene iye achite: poti si chibwenzi, kugona, kuchapa ndi kubwereketsa ndalama kuyima, koma kucheza masana ngati anthu odziwana kukhoza kupitirira. Ndinamuchenjeza kuti asanene zimenezi ngati msampha womugwirira. Azinene pokhapokha ngati akutsimikizadi kuzichita.

Mwamunayo anayankha kuti, "Zinthu zikadzayenda." Atafunsidwa kuti zinthu zake ziti, anati mayiyo wayamba kumvera anzake. Za m'bale anati abale ake ndi ovuta. Palibe funso limene linapeza yankho logwirika.

Zimene zinatsatira ndi zimene ndikufuna muzimvetse, chifukwa ambiri amagwera pamenepa. Mlungu woyamba ndi wachiwiri mwamunayo anasanduka wachikondi kuposa kale lonse. Mafoni m'mawa ndi usiku, nyimbo zotumiza, mafuta onunkhira, mawu akuti "ndakusowa, sindikugona." Mayiyo anandiimbira akusangalala kuti munthu wasintha. Ndinamufunsa funso limodzi: pa zonsezi, chawonjezeka ndi kukoma kapena udindo? Kodi watchula tsiku? Wakuonetsa m'bale? Wabweza ndalama? Ayi. Ndiye kuti sanasinthe, akungofuna kubwezeretsa zinthu mmene zinalili. Pofika mlungu wachinayi mafoni anachepa, wachisanu ndi chimodzi anasiyiratu. Patapita miyezi iwiri mayi wina wa kumpingo anamuuza kuti mwamunayo ali ndi mkazi ndi ana awiri kumudzi. Analira kwambiri, ndipo ndinalira naye, chifukwa chikondi chake chinali chenicheni.

Koma ndinaonanso zosiyana. Mnyamata wina wogwira ntchito ya m'munda, atafunsidwa mafunso omwewa ndi mtsikana wake, anayankha kuti ali ndi ngongole ya R6,000 ya ulendo wake wobwera kuno, akubweza R1,000 pa mwezi, ndipo sangapite kwa makolo a munthu ali ndi ngongole pamutu. Anavomera yekha kusiya kugona kwa mtsikanayo, ngakhale zinamuwawa. Lamulungu lotsatira anamutengera kwa mkulu wake ku Turffontein n'kumutchula dzina loyenera pamaso pa alamu ake. Ngongole itatha, mkulu wakeyo anaimbira amalume a mtsikanayo. Anthu awiriwa onse ananena kuti sanakonzeke. Chinawasiyanitsa ndi zimene anachita zokoma zija zitachotsedwa: wina anasendera pafupi n'kuyamba kusenza udindo, wina anayesa kunyengerera, zitakanika n'kuzimiririka.

Milungu 6 yoimitsa kugona, kuchapa ndi kubwereketsa ndalama ndi imene ndimalangiza, chifukwa iwiri yoyamba ndi ya kunyengerera ndipo siikuuzani zoona, komanso mkati mwake mumadutsa kumapeto kwa mwezi, pamene mumaona ngati munthu akukumbukira ngongole yake akalandira. Idzakhala yovuta, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake kuti musadzadzione ngati ofooka. Chikondi chimene chimabwera mosadziwika, lero kutentha mawa kuzizira, chimagwira mtima mwamphamvu kuposa chikondi chokhazikika. Akatswiri a za maganizo anaona kalekale kuti khalidwe limene limalandira mphotho mwa apo ndi apo ndi limene limavuta kwambiri kulisiya, ndipo n'chimene chimamusunga munthu pa makina a juga: wapambanapo kamodzi, ndiye amati mwina ulendo uno. Tsiku limene anakugwirani dzanja n'kunena kuti "palibe amandimvetsa ngati iwe" limakupatsani mphamvu yopirira milungu itatu ya kusadziwa. Mukayamba kumusowa kwambiri, kusowako sikukutsimikizira kuti iye ndi woyenera. Ndi thupi ndi mtima zimene zazolowera kudikira.

Pamene mukuganiza zonsezi, pali zinthu zimene siziyenera kudikira. Munthu amene wakana dzina la chibwenzi sanalonjeze kuti ali ndi inu nokha, ngakhale akhale wansanje chotani. Gwiritsani ntchito kondomu nthawi zonse, ndipo pitani ku kiliniki ya boma mukayezetse HIV. Ngati mwagonana mosadziteteza posachedwa, anamwino adzakuuzani tsiku lobwereza, chifukwa kachilombo sikaoneka m'magazi nthawi yomweyo. Kumeneko mukhoza kufunsanso za PrEP, mankhwala oteteza munthu amene alibe kachilombo, omwe amaperekedwa kwaulere m'makiliniki a boma kuno. Kondomu ikaphulika, pali mankhwala a PEP amene ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 n'kumwedwa masiku 28, ndipo piritsi loletsa mimba mwadzidzidzi limagwira bwino mukalimwa msanga. Chonde musaganize kuti mimba idzamukonzekeretsa. Ndaona atsikana ambiri akuyesa njira imeneyi, ndipo amene sanakonzekere mkazi kawirikawiri sakonzekeranso mwana. Lamulo la kuno limakakamiza bambo kusamala mwana wake ngakhale palibe ukwati, ndipo mukhoza kukasuma ku khoti la majisitireti, koma munthu akakwera basi n'kubwerera kumudzi, kumutsata kumakhala kovuta kwambiri.

Akadzanena kuti mungolowana kuti muzilipira lendi imodzi, kanani pakadali pano. Malamulo a South Africa saona kukhalira limodzi ngati ukwati ngakhale mutakhala zaka 10, ndipo mukadzasiyana kapena iye akadzamwalira mudzavutika kutsimikizira kuti katundu amene munagula limodzi ndi wanunso. Kulowana kumachititsanso kusiyana kukhala kovuta popanda kuwonjezera kudzipereka kwa munthu. Mumangopezeka mwamangidwa ndi firiji ndi bedi.

Za ndalama ija, musawonjezerepo ina. Mulembereni uthenga wa pa foni waulemu, wotchula kuchuluka kwake ndi tsiku limene munamupatsa, n'kumufunsa kuti abweza liti. Akayankha, sungani yankholo. Ndi umboni, ndipo kuno kuli khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama limene silifuna loya. Koma ngakhale musadzafike kumeneko, mmene adzayankhire uthengawo zidzakuphunzitsani zambiri za iye.

Pali pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya kudikira kapena kusadikira. Ngati nsanje yake yafika polanda foni yanu, kukutsatirani kuntchito, kukutukwanani, kukukankhani, kusunga pasipoti yanu, kapena kukuopsezani kuti akakunenezani za mapepala, musakambirane naye muli awiri, ndipo zoyesa milungu 6 zija zisiyeni. Uzani munthu wamkulu amene mumamudalira ndipo pitani ku khoti la majisitireti la dera lanu mukapemphe chikalata chomuletsa kukuyandikirani. Lamulo la 1998 lolimbana ndi nkhanza za m'banja limateteza ngakhale anthu amene sanakwatirane, bola ngati anali pa ubwenzi kapena ankagonana, ndiye iye sangazembe ponena kuti sichinali chibwenzi. Pa ngozi imbirani apolisi pa 10111. Ndipo ngati mwaona kuti kwa milungu iwiri kapena kuposa simukugona, chakudya sichikulowa, mukulira kuntchito kapena mukuganiza zodzivulaza, pitani ku kiliniki mukanene momveka, kapena mupeze alangizi a mabungwe monga FAMSA ndi LifeLine, amene ali ndi maofesi muno mu Johannesburg.

Mwafunsa ngati mudikire. Maganizo anga ndi akuti kudikira kwa mtundu umene mukuchita panopa, kopereka zonse popanda tsiku kapena dzina, kulekeni. Sikungamukonzekeretse, chifukwa ndi kumene kukumuchotsera chifukwa chokonzekera. Ngati atatchula chinthu chenicheni, tsiku lenileni ndi m'bale weniweni, mukhoza kumupatsa miyezi itatu, iye ali kwake inu muli kwanu, mukuona ngati mapazi ake akulowera kumene pakamwa pake panaloza. Akakwiya chifukwa choti mwafunsa, kapena akati mukumuthamangitsa pamene papita miyezi yonseyi, limenelo ndi yankho, ngakhale si limene mumalifuna.

Chinthu chimodzi chimene muyenera kukonzeratu ndi Loweruka loyamba. Ndi limene limagwetsa anthu ambiri, chifukwa pofika 5 koloko madzulo manja amayamba okha kufuna kutereka poto wa anthu awiri, ndipo foni ikalira mumatsegula chitseko musanaganize. Musakhale nokha m'chipindamo tsiku limenelo. Panganani ndi mnzanu mmodzi amene akudziwa nkhaniyi kuti mukagone kwawo kapena iye abwere kwanu, ndipo mumuuziretu kuti mukayamba kunena kuti "mwina ndimuimbire kamodzi kokha," akulandeni foni mpaka m'mawa. Ndalama ya ndiwo za mlungu umenewo muiike padera, muilembe m'kope ndi deti lake, ndipo muchite chimodzimodzi Loweruka lililonse mpaka milungu 6 ikwane. Ikakwana mudzandilemberenso, mundiuze zimene iye wachita pa masiku amenewo, tidzaone limodzi pamene mwaima.